Mwana akutsegula m'mimba zamadzi, ndili ndi paketi imodzi yokha ya ORS

Ntchembere Yatsopano: Odi kuno anzanga, pepani kukuvutitsani usiku uno. Mwana wanga wa chaka ndi miyezi iwiri wayamba kutsegula m'mimba cha m'ma 2 koloko masana. Pofika pano wachita kasanu, zamadzi zokhazokha, magazi mulibe. Ndili ndi paketi imodzi ya ORS imene inatsala kalekale. Ndinaona ngati lita yonse ndi yambiri kwa kamwana, ndiye ndathira theka la ufawo m'kapu ya tiyi n'kuvundula. Wamwa masupuni atatu kapena anayi, wakwinya nkhope, kenako wasanza. Ndipitirize kapena ndisiye?

Agogo Aakazi: Mwanangu, poyamba mupumitseni mwanayo. Madzi akalowa pamwamba amatulukira pansi. Ife tinkayamba taumitsa kaye m'mimba, mawa lake n'kuyamba kumpatsa pang'onopang'ono.

Namwino wa Ana: Agogo, ndikupemphani kuti apa tisiyane maganizo pang'ono. Madzi amene akutulukawo sakuchokera m'kapu, akuchokera m'thupi la mwanayo, ndipo atulukabe ngakhale asamwe kanthu. Mukamumana chakumwa, thewera linyowabe, koma mwanayo ndi amene aume.

Amayi, musamupatsenso za m'kapumo momwe zililimo. Ndiuzeni kaye zitatu. Papaketipo palembedwa kuti ndi ya madzi ochuluka bwanji? Kapuyo ndi yaikulu bwanji? Ndipo mwanayo ali bwanji panopa: akuyamwa, akukuyang'anani, misozi ikutuluka akalira?

Ntchembere Yatsopano: Palembedwa lita imodzi. Kapu ndi yamba ija, mwina 250 ml. Akuyamwa ndithu, ndipo akulimbana ndi foni yangayi pamene ndikulemba. Misozi ilipo. Ufawo sunaundane, ndipo deti yake sinathe, ndaona.

Namwino wa Ana: Chabwino, mwanayo akadali ndi mphamvu, tikhoza kugwira ntchitoyi pakhomo. Tsopano tiwerengere limodzi. Paketi yonse ndi ya 1000 ml, ndiye theka lake limafuna 500 ml. Inu mwaliika mu 250 ml. Zimene zili m'kapumo zili ndi mchere kuwirikiza kawiri mulingo wake, n'chifukwa chake wakwinya nkhope. Masupuni anayi sangamuvulaze, musadzidye mtima. Koma akanamwa makapu angapo otero usiku wonse, bwenzi tikukamba zina. Madzi okhala ndi mchere ndi shuga wopyola muyezo amakoka madzi kuchokera m'thupi kulowa m'matumbo, kutsegulako n'kuwonjezeka, ndipo mchere ukachuluka m'magazi mwana amatha kukomoka ngati wakhunyu.

Popeza paketi ndi imodzi yokha, musataye. Sambani m'manja ndi sopo. Pezani botolo loyera la 500 ml ndi jagi kapena poto woyera wokhala ndi chivundikiro. Thirani za m'kapuzo m'botolo, muwonjezere madzi akumwa abwino mpaka pakhosi, pamene pamalekezera chakumwa botolo likakhala latsopano. Khuthulirani m'jagi. Dzazaninso botololo ndi madzi okhaokha mpaka pomwepo, mukhuthulirenso. Kenako thirani ufa wonse wotsala, mukung'unthe paketiyo, muvundule mpaka pansi pasatsale timibulu. Mukatero muli ndi paketi yathunthu mu lita yathunthu, kupatula timasupuni tinayi tija, tomwe sitisintha kanthu.

Ntchembere Yatsopano: Madzi owiritsa ndili nawo mufulasiki koma akadali otentha.

Namwino wa Ana: Azizire kaye. Athireni m'poto woyera, muvundikire, muukhazike m'beseni la madzi ozizira, sachedwa. Pamene mukudikira, muyamwitseni. Ndipo dziwani kuti amawiritsa madzi asanathire ufa, osati kuwiritsa zosakanizazo, chifukwa madzi akaphwa ndi nthunzi mchere umatsala wochuluka.

Bambo wa Mapasa: Ine sindivutika ndi mapaketi. Lita imodzi ya madzi, masupuni 8 a shuga, supuni imodzi ya mchere, basi. Ndi mmene tinaphunzirira kusukulu, ndipo mapasa angawa akula nazo.

Mlongo Wanu: Supuni yake iti achimwene? Yodyera ija?

Bambo wa Mapasa: Yaing'ono ya tiyi. Koma nthawi zina ndimangotenga imene ili pafupi.

Namwino wa Ana: Bambo, mulingo umenewo simunaupeke ayi, unkaphunzitsidwadi kale. Koma umene ukulangizidwa masiku ano ndi wochepetsa: masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, mu lita imodzi. Theka, osati yonse. Ndipo masupuniwo akhale osalaza, mudutsitse mpeni pamwamba, osati otumphuka ngati chulu.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi mawu akuti "imene ili pafupi". Supuni ya tiyi imalowa 5 ml. Yaikulu imatha kulowa katatu kake. Munthu akatapa mchere ndi yaikulu yodzadza pamene pamafunika theka la yaing'ono, ndiye kuti waika mchere kasanu ndi kamodzi kuposa mulingo. Apo salinso mankhwala. Pa madzi opanga wekha, kulakwitsa koopsa kumakhala pa mchere nthawi zambiri. Ukachepa pang'ono palibe vuto lalikulu, ukachuluka ndiye ngozi. Mukatha kusakaniza, lawani nokha musanamupatse mwana: asawawe mchere kuposa misozi. Ngati akuwawa kuposa apo, tayani muyambirenso.

Bambo wa Mapasa: Kulawa ndimalawa. Koma ndamva, theka. Nanga ngati zonse ndi mchere ndi shuga, paketi ikuposa pati?

Aphunzitsi a Sayansi: Ndiloleni ndiyankhe ine apa, anesi andikonza ndikapotoza. Paketi ya lita imodzi ya mulingo wa WHO ndi UNICEF imakhala ndi zinthu zinayi: shuga wa glukosi magalamu 13.5, mchere wamba magalamu 2.6, mchere wa potaziyamu magalamu 1.5, ndi sitireti magalamu 2.9. Za kukhitchini zili ndi ziwiri zoyamba zokha, kapena tinene zofanana nazo. Potaziyamu amatayika kwambiri m'chimbudzi chamadzi, ndipo akachepa mwana amalefuka, mimba n'kufufuma. Sitireti amathandiza kuchepetsa asidi amene amachuluka m'magazi madzi akatayika.

Koma chimene chimandikondweretsa ine ndi ntchito ya shugayo. Ambiri amayesa aliko kuti mwana akomedwe. Ayi. M'khoma la matumbo muli tizitseko timene timalowetsa mchere pokhapokha utabwera pamodzi ndi glukosi, ndipo awiriwo akalowa, madzi amawatsatira. Tizitseko timeneti timagwirabe ntchito ngakhale munthu akutsegula m'mimba koopsa, olo kolera imene. Mu 1971, ku India, m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, madzi a dilipi atasowa, Dokotala Dilip Mahalanabis anamwetsa odwala kolera madzi amenewa ndipo imfa zinatsika kwambiri.

Namwino wa Ana: Simunapotoze aphunzitsi. Ndingowonjezera kuti za kukhitchini ndi zogwirizira pamene paketi palibe ndipo kuchipatala n'kutali kapena kwada. Paketi ikakhalapo, gwiritsani paketi.

Ntchembere Yatsopano: Ndasakaniza. Ndalawa, zikumveka kamchere pang'ono chabe, zasiyana kutali ndi zoyamba zija. Tsopano ndimupatse zingati? Akaona kapu akufuna kugugudiza yonse.

Namwino wa Ana: Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye mundimvetsere bwino. Kwa mwana wosakwana zaka ziwiri, nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi mumupatse 50 mpaka 100 ml. Pa kapu yanu ya 250 ml ija, ndiye pafupifupi kota mpaka kungotsala pang'ono kufika theka. Wa zaka 2 mpaka 10 ndi 100 mpaka 200 ml. Wamkulu kuposa apo amwe mmene akufunira.

Koma musamupatse kapu m'manja. Wasanza kale kamodzi, ndipo mimba yodwala ikalandira zambiri nthawi imodzi imabweza. Mukhazikeni pamiyendo, mutu uli m'mwamba, osati chogona. Supuni imodzi ya tiyi, mudikire miniti imodzi kapena ziwiri, supuni ina. 100 ml ndi masupuni 20, ndiye kuti mukhalapo mphindi 20 mpaka 40. Zimatopetsa, ndikudziwa, dzanja limachita kulema. Koma pang'ono pamene pakhala m'mimba n'pabwino kuposa kapu yodzadza imene yathera pamalaya anu.

Popeza wachita kale kasanu asanamwe zokwanira, musadikire chimbudzi china. Yambani panopa ndi 100 ml. Akamaliza n'kumafunabe, pitirizani, ludzu lake ndi limene likutsogolereni.

Mlongo Wanu: Wanga ankalavula supuni, kutseka pakamwa ngati loko. Chinandithandiza ndi sirinji yopanda singano, ya mankhwala a ana ija. Ndinkalowetsa m'mbali mwa tsaya n'kumafinya pang'onopang'ono.

Namwino wa Ana: Imeneyo ndi njira yabwino, bola m'mbali mwa tsaya monga mwaneneramo, osapopera kukhosi, angatsamwe. Botolo la nsonga ya mphira lokha ndi limene sindikonda. Limavuta kutsuka, ndipo mwana amakoka mofulumira.

Wapaulendo: Pepani ndangolowa kumene. Ine ndimamwa ORS ndikachezera kumowa, imathandiza zedi. Koma ndimaikamo juwisi kuti ikome. Yesani kwa mwanayo, amwa yekha.

Woyang'anira Gulu: Achimwene, za matsire tikamba tsiku lina. Pano pali mwana wodwala.

Wapaulendo: Pepani akuluakulu. Koma za juwisizo ndikunena zoona.

Aphunzitsi a Sayansi: Pa inu wamkulu mwina sizioneka. Koma juwisi ndi zakumwa zozizira zam'mabotolo zili ndi shuga wambiri kuposa amene matumbo odwala angatenge, mchere mulibe. Shuga wotsalira m'matumboyo amakoka madzi, chimbudzi n'kuwonjezeka. Mukathira mu ORS mwasokoneza mulingo umene anauyeza mosamala.

Mlongo Wanu: Nanga mwana akakaniratu chifukwa cha kakomedwe? Si bwino amweko zosakaniza kusiyana n'kusamwa konse?

Namwino wa Ana: Funso lanu ndi lovuta achemwali, ndipo ngakhale ife pantchito timatsutsanapo. Ine chimene ndaona n'chakuti mwana amene madzi amuchepera m'thupi kawirikawiri amamwa ORS mwaphuma, kakomedwe alibe nako ntchito. Amene akukana koma ali wosangalala, akusewera, akukodza, nthawi zambiri ludzu alibe, ndipo mungamupatse zakumwa zina zoyenera monga bere, madzi a mpunga wophika, supu kapena madzi abwino, n'kumayesa ORS pakapita kanthawi. Amene akukana chifukwa chofooka, uyo si wa juwisi, ndi wothamangira naye kuchipatala. Ndiye ine sindithiramo kanthu. Alipo anzanga amene amalola kadontho, koma sindingakuuzeni kuti chitani.

Ntchembere Yatsopano: Wasanzanso. Tinafika pa supuni ya 12. Mtima wanga wathawa.

Namwino wa Ana: Khalani pansi amayi, zimachitika. Musiyeni mphindi 10, musamupatse kanthu. Zikatha yambaninso, koma mochedwerapo: supuni imodzi pa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse. Masanzi amaoneka ambiri pansalu, koma si zonse zimene wamwa zimene zabwerera, zina zadutsa kale.

Pamene mukudikira, muyang'aneni pamalo owala. Maso alowa m'kati kuposa masiku onse? Inu ndi amene mumadziwa nkhope yake. Liwombo, ngati silinatsekeke, lalowa? Tsinani khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, ndi chala chachikulu ndi cholozera, mulikweze sekondi imodzi n'kulisiya. Likubwerera nthawi yomweyo kapena likutsalira? Ndipo wakodza liti komaliza?

Ntchembere Yatsopano: Khungu likubwerera pompo. Maso ali bwinobwino, mwina kutopa chabe. Zokodza sindikudziwa, thewera limakhala lonyowa kale ndi chimbudzi.

Namwino wa Ana: Ndi chimbudzi chamadzi zimavutadi kusiyanitsa. Mukamusintha, musiyeni kanthawi pansalu youma opanda thewera, muona. Pakadutsa maola 6 osakodza, chimenecho ndi chizindikiro.

Ndikuuzeni malire a ntchito ya pakhomo, kuti musachite kundifunsa pakati pa usiku. Nyamukani nthawi yomweyo, osadikira kucha, mukaona chimodzi mwa izi: wafooka moti akuvuta kudzutsa kapena walobodoka, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse ngakhale mwachedwetsa supuni, khungu mukalitsina likutenga masekondi opitirira awiri kuti libwerere, wakomoka, m'chimbudzi mwaoneka magazi, kapena thupi latentha. Chimodzimodzi chimbudzi chikasanduka choyera ngati madzi otsukira mpunga n'kumangotuluka chambiri, chifukwa kolera imaumitsa munthu m'maola ochepa. Panjira muzimumwetsabe ngati akutha kumeza. Ngati sakutha kumeza musamuthire kanthu m'kamwa.

Bambo wa Mapasa: Mmodzi wa anga atadwala chaka chatha maso analowa, akulira ludzu. Kuchipatala sanamuike dilipi, anatikhazika pabenchi maola anayi ndi kapu ndi supuni. Ine ndinakwiya, ndinaona ngati atinyozera.

Namwino wa Ana: Sanakunyozereni bambo, ndi chithandizo chake chimenecho. Mwana amene madzi ayamba kumuthera koma akutha kumwa amapatsidwa 75 ml pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, m'maola anayi. Wa makilogalamu 10 ndiye 750 ml, mabotolo a 500 ml limodzi ndi theka, zonse pa supuni kapena kumwa pang'onopang'ono. Akatha maola anayiwo amamuyezanso. Dilipi ndi ya amene waumiratu kapena sakutha kumwa. Chifukwa chake amakukhazikani pabenchi m'malo mokubwezani kunyumba n'chakuti mwana wa pa siteji imeneyo amatha kutsetsereka mwadzidzidzi, ndiye pafunika diso la wodziwa.

Bambo wa Mapasa: Akanandifotokozera choncho bwenzi ndisanatukwane mumtima.

Agogo Aakazi: Ine ndikumva zonsezi, koma ndifunse. Mwamwetsa mwana madziwa usiku wonse, kutsegulako kusiya?

Namwino wa Ana: Ayi agogo, ndipo mwafunsa pofunika. ORS siyimitsa kutsegula m'mimba. Imabwezera zimene zikutayika kuti mwana akhale ndi mphamvu mpaka matendawo atatha okha, kawirikawiri m'masiku ochepa. Amayi ambiri amasiya tsiku loyamba, akuti sizikugwira ntchito poti thewera likunyowabe. Pamene muyang'ane ndi pa mwanayo: akudzuka, akukodza, pakamwa pali malovu.

Agogo Aakazi: Ndiye bwanji osampatsa mapilitsi omanga m'mimba aja?

Namwino wa Ana: Amenewo kwa ana aang'ono ayi ndithu. Amaimitsa matumbo, madzi n'kumaunjikana m'kati osaoneka, mimba n'kufufuma, mwana n'kumangogona. Mankhwala opha mabakiteriya nawonso sathandiza pa kutsegula kwa madzi wamba, poti kawirikawiri kumayamba ndi mavairasi. Amaperekedwa pakakhala magazi, kolera kapena matenda ena amene adokotala awapeza.

Amene amathandizadi ndi zinki. Kwa mwana wa miyezi 6 kupita m'mwamba ndi mamiligalamu 20 kamodzi pa tsiku, wosakwana miyezi 6 ndi mamiligalamu 10, kwa masiku 10 mpaka 14. Amafupikitsa matendawo ndipo amatchinjiriza kuti asabwererenso msanga m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira, n'chifukwa chake amamaliza masiku onse ngakhale mwana atachira tsiku lachitatu. Piritsi lake limasungunuka pa supuni ndi mkaka wa m'mawere kapena ORS pang'ono. Ena amasanza nalo pamimba popanda kanthu, ndiye ndi bwino kumupatsa atadya. Amayi, mawa mukatenge zinki ndi mapaketi ena.

Agogo Aakazi: Za mapilitsi ndamva. Koma chakudya chokha ine ndikanadikira.

Mlongo Wanu: Agogo inu simugonja!

Namwino wa Ana: Usiku uno, pamene akusanza, bere ndi ORS n'zokwanira. Koma kusanza kukangoleka adye, zofewa zimene anazolowera, pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Nthochi yakupsa imabwezerako potaziyamu. Matumbo amachira msanga akamalandira chakudya, ndipo mwana womanidwa amatuluka m'matendamo ataonda.

Ntchembere Yatsopano: Tsopano ndi 11:30. Wamwa pafupifupi 100 ml osabweza, supuni pa mphindi zitatu. Wachita chimbudzi kamodzi, ndayambanso ina. Wakodzanso pansalu paja, pang'ono koma ndaona ndi maso anga. Akusinza. Ndimudzutse?

Namwino wa Ana: Mkodzo umenewo ndi nkhani yabwino. Malizani ya chimbudzi chomalizachi ngati akulandira, kenako agone. Mwana amene sanaume safunika kumudzutsadzutsa kuti amwe. Koma inu muzimuyang'ana pakapita maola awiri kapena atatu: mukamugwedeza pang'ono adzidzimuke, atakatake kapena alire monga mwa masiku onse. Tulo ta kutopa n'tosiyana ndi kulobodoka. Akachita chimbudzi, mumusinthe, musambe m'manja, mumupatse mulingo wake.

Jagiyo muvundikire, ndipo muzithira pang'ono m'kapu, osaviika supuni ya m'kamwa m'jagimo. Mwasakaniza cha m'ma 9:30, ndiye mawa nthawi ngati yomweyo zotsala mutaye. Malire ndi maola 24, chifukwa madzi a shuga akakhalitsa tizilombo timaswana.

Bambo wa Mapasa: Apo ndiye pamandipweteka. Kamwana kamwa 400 ml, zina zonse kutaya. Bwanji osagawa ufawo pakati bwinobwino, theka mu 500 ml, lina kusunga?

Aphunzitsi a Sayansi: Pa masamu zikugwirizana. Vuto ndi kugawa ndi maso magalamu 20 a ufa wosakaniza zinthu zinayi. Ndipo paketi yotsegula imakoka chinyezi.

Bambo wa Mapasa: Ndikhoza kuyeza ndi supuni, uku imodzi uku imodzi, mpaka uthe.

Namwino wa Ana: Ine ndimaphunzitsa paketi yonse mu lita yonse, chifukwa nkhani ya usiku uno yayambira pa theka lomwelo. Inu mwina mungagawe bwino masana muli phee. Mayi wotopa, mwana akulira, nyali ikuzima, sagawa bwino. Ndipo aliyense awerenge paketi yake, alipo mapaketi ena aang'ono opangira madzi ochepera lita.

Bambo wa Mapasa: Pamenepo sitinagwirizanebe, koma ndasiya.

Ntchembere Yatsopano: Mwadzuka bwanji nonse. Usiku wachita kawiri, wamwa kawiri konse, sanasanzenso. Wadya nthochi theka. Koma zikope zikuoneka ngati zatupa pang'ono, kaya ndi tulo kaya n'chiyani.

Namwino wa Ana: Tadzuka amayi. Zikope zikatupa nthawi zina ndi chizindikiro chakuti ORS yakwana. Imitsani kaye, mumupatse bere ndi madzi abwino. Kutupako kukaphwa, mubwerere ku mulingo uja wa chimbudzi chilichonse. Popeza mukupita kukatenga zinki, mutengeni mwanayo akamuone, muwaonetse zikopezo ndipo aonenso mapazi. Mwana wotupa mapazi onse awiri kapena woonda kwambiri samwetsedwa ORS wamba pakhomo, ali ndi madzi ake ena a kuchipatala. Ndipo akapanda kusintha pofika masiku atatu, mubwererenso.

Ntchembere Yatsopano: Mapazi ali bwino, koma ndipita naye. Ndatsanulira zotsala m'botolo lija kuti ndinyamule, ndi supuni yomwe.

Agogo Aakazi: Mutengenso matewera okwanira mwanangu, ndi nsalu yapadera. Mukabwerako mutiuze zikopezo anena chiyani.